Nyumba Ioneke Kuti Muli Anthu

Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe juzi, bwana anandiikira pepala patebulo n'kuligogoda kawiri ndi chala. Pamwamba panali chithunzi cha mayi wina akumwetulira, burashi ili m'manja, kumbuyo kwake kuli khoma lachikasu. Pansi pa chithunzicho panali mawu asanu a Chingerezi: Bring your walls to life. Kampani ina yopanga penti inkafuna mawuwo m'Chichewa, oti akakhale pa zikwangwani zikuluzikulu za m'misewu.

"Amayi, mukudziwa mmene zinthu zilili," anatero bwana, maso ali kuwindo. "Mwa makasitomala athu onse, amene akufunabe Chichewa ndi awa okha. Akakondwa, tebulo lanuli likhalapo. Akapanda kukondwa, sindikuona chimene ndingakusungireni."

Ndinamuyang'ana mwanayo. Ndikuti mwana chifukwa pamene ndinkayamba ntchito pa kampani yathu yotsatsa malonda, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, iye ankabwera ndi kabudula wa sukulu kudzadikira bambo ake, n'kumanditherako bisiketi mudirowa. Lero bambo akewo anapuma, iye ndiye bwana, ndipo amayankhula nane mwaulemu wa munthu amene wakonza kale zokutsanzika. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, kunyumba ndinasiya mwamuna wodwala, ndipo ntchito ina imene ndinkaidziwa kupatula imeneyi panalibe.

Ofesi yathu ndi chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Kale tinkakhalamo anthu khumi ndi awiri, moti pofuna kutuluka unkachita kupempha njira. Tsopano tinatsala anayi, ndipo matebulo opanda eni ake anasanduka posungira makatoni. Pafupi ndi ine pamakhala Ndevu, wojambula wathu, amene amaika mawu anga pa zithunzi. Dzina lakelo linachokera pa tindevu tisanu timene wakhala akutisamala kwa zaka zambiri koma sitikula.

Ndevu anasuzumira papepalapo n'kuwerenga mokweza, akumasulira liwu lililonse mmene likubwerera, ndi mawu a munthu wolengeza maliro pa wailesi. "Bweretsani makoma anu ku moyo."

"Makomawo anamwalira liti?" ndinamufunsa.

"Dzulo masana, atadwala kwa nthawi yochepa."

Tinaseka mpaka bwana anatulutsa mutu pa kachitseko kake. Kuseka kumeneko ndimakukumbukira, chifukwa ndi komaliza kumene ndinaseka m'chipinda chija.

Anthu amaganiza kuti ntchito yanga ndi yosintha mawu, kuchotsa la Chingerezi n'kuikapo la Chichewa, ngati kusintha mabatire mutochi. Akanakhala kuti ndi choncho bwenzi ndikuweruka nthawi ya tiyi. Mawu otsatsa malonda salembedwa kuti munthu aphunzirepo kanthu, amalembedwa kuti munthu amene ali m'basi, wapanikizika, thumba lili pamiyendo, awaone kamodzi n'kumva ngati wina wamukodola. Choncho ine ndikalandira pepala ndimaliwerenga katatu, kenako ndimalitembenuza chadodolido kuti Chingerezicho chisamandiyang'ane. Ndikatero ndimadzifunsa kuti, kodi munthu amene akufuna kuti mnzake apake penti nyumba, amamuuza chiyani? Chimene ndapeza ndimakachiyankhula mokweza pa masitepe. Lilime likapunthwa, kapena ndikachita manyazi kuti wina wandimva, ndimadziwa kuti sichinapse.

Tsiku limenelo ndinakwera ndi kutsika masitepe mpaka mawondo anayamba kudandaula. "Kongoletsani nyumba yanu" anali mawu abwinobwino, koma ogona, oti angakhale pa makatani, pa maluwa, ngakhale pa matailosi. "Nyumba yanu isanduke yatsopano" ankanama, ndipo anthu bodza la pachikwangwani amalinunkhiza patali. Masana ndinapita ku sitolo yogulitsa zipangizo zomangira, n'kuima pafupi ndi zitini za penti ngati ndikufuna kugula, makutu ali tcheru. Anthu ankangofunsa ngati pentiyo amasuluka ndi mvula komanso ngati chitini chimodzi chingakwane zipinda ziwiri. Wogulitsa atayamba kundiyang'ana ngati wakuba, ndinachokapo.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Bambo a kunyumba kwanga anali pakhonde, pampando wawo wa masiku onse, dzanja lamanja lili pamwendo pomwe ndinalisiya m'mawa. Asanadwale anali opaka penti, ndipo theka la nyumba za mumsewu wathu zinadutsa m'manja mwawo. Sitiroko inawagwira zaka zitatu zapitazo, n'kuwalanda dzanja, mwendo, ndi changu cha pakamwa. Nzeru zonse zilipo, koma mawu amatuluka limodzilimodzi, ndipo ukawathandiza kumaliza chiganizo amakwiya tsiku lonse.

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuvula nsapato. Ndinawafotokozera za mayi womwetulira uja ndi khoma lake lachikasu. Iwo anangotembenuza mutu n'kuyang'ana khoma lathu. Penti wake anali atatukusira ngati khungu la munthu wopsa ndi dzuwa, ndipo m'munsi monse munali mizere ya matope a mvula zitatu. Chidwalireni iwo palibe anagwirapo burashi. Ana athu awiri ali kutali, amaimba foni Lamlungu.

"Ndikachira," anatero pang'onopang'ono, "tipake. Nyumba... ioneke kuti muli anthu."

Mawu amenewo ankawanena chaka chilichonse, kwa ine, kwa anansi, kwa aliyense amene ankazengereza kuwapatsa ntchito. Ndinali nditawamva kambirimbiri moti ndinasiya kuwamva. Ndinatenga cholembera m'chikwama n'kuwalemba kuseri kwa pepala la bwana lija.

"Bambo, mawu anuwa ndawatenga. Akakhala pachikwangwani chachikulu kuposa nyumba ino."

Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Mundilipira?"

"Ndikuphikirani tiyi wa mkaka."

Kutacha ndinawayesa pa masitepe ndipo anatsetsereka okha. Nyumba ioneke kuti muli anthu. Azungu eni kampani ya pentiyo ponena za moyo wa makoma ankatanthauza chimenechi: kuti nyumba yopakidwa bwino imaoneka yosamalika, yofunda, yoti muli wina amene amaikonda. Ife moyo umenewo sitiuika m'khoma, timauika mwa anthu okhalamo. Ndipo mawuwo ali ndi kakutsina pang'ono, kamene kamachititsa munthu kucheuka n'kuyang'ana nyumba yake ndi diso la mlendo. Ndevu anawaika pachithunzi, mizere iwiri, ndipo anakwana bwinobwino popanda kuchepetsa zilembo, chinthu chosowa chifukwa Chichewa chimakonda kutambalala kuposa malo amene Chingerezi chasiya. Anabwerera m'mbuyo ndi mpando wake, n'kuyang'ana kwa nthawi.

"Amayi, ndikupita kukagula penti," anatero. "Mwandichititsa manyazi."

Koma kampani ya penti ija likulu lake lili kunja, ndipo amene amavomereza mawu kumeneko Chichewa sachidziwa ngakhale moni. Ali ndi njira yawo yodzitetezera. Amatumiza fomu ya magawo atatu. Gawo loyamba muli Chingerezi chawo. Lachiwiri ndimalembamo ine. Kenako amatenga mawu angawo n'kupatsa womasulira wina, amene sindimudziwa ndipo iye Chingerezi choyambirira chija sanachione, kuti awabwezere m'Chingerezi. Zimene walembazo zimalowa gawo lachitatu. Akuluakulu aja amangoyang'ana gawo loyamba ndi lachitatu. Zikafanana amasaina. Njirayi si yopusa, ndisanamizire. Pa malangizo a mankhwala imapulumutsa anthu, chifukwa pamenepo supuni imodzi iyenera kubwerera ili supuni imodzi. Koma pa mawu okopa anthu imagwira ntchito chagada: mawu akakhala Chichewa chenicheni amabwerera atasintha nkhope, akakhala Chingerezi chovala zovala za Chichewa amabwerera ali ndendende.

Ndinkazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake pansi pa fomu ndinalembapo ndime yonse yofotokoza chifukwa chimene ndinasiyira makoma n'kutenga nyumba, ndi chimene munthu wa Chichewa amamva akauzidwa mawuwo. Bwana anatumiza Lachiwiri masana.

Lachinayi yankho linabwera. Womasulira mnzanga wosadziwikayo anagwira ntchito yake mokhulupirika, sindingamudandaule. Analemba kuti: Let the house look like there are people in it. Pambali pake wina wa kulikulu analemba ndi zilembo zofiira mafunso atatu. Makoma apita kuti? Moyo uli kuti? Anthuwa achokera kuti? Wina anawonjezera pansi pake kuti mawuwo akumveka ngati malonda a maloko kapena a alonda, oti akuba aziganiza kuti eni nyumba alipo. Za ndime yanga yofotokoza ija panalibe amene anatchulapo.

Bwana anaitanitsa msonkhano Lachisanu. Kunabwera mayi amene amayang'anira zotsatsa malonda ku nthambi ya kampani ya pentiyo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wa nsapato zogogoda ndi mafoni awiri. Tinakhala m'kachipinda ka bwana, momwe fani imazungulira koma mphepo yake siifika pa munthu. Anayamba ndi Chingerezi, koma bwana atatuluka kukayankha foni anatsitsa mawu n'kulowa Chichewa.

"Amayi, ndisakunamizeni, nditawerenga mawu anu aja ndinawaimbira mayi anga. Anaseka, kenako anandifunsa kuti ndidzawapakira liti nyumba yawo. Ndi abwino kwambiri."

"Ndiye kawauzeni akuluakulu anuwo zimenezo."

"Ndinawauza. Anandifunsa kuti ngati ndi abwino, bwanji gawo lachitatu silikugwirizana ndi loyamba."

"Chifukwa anthu athu sayankhula gawo lachitatu, mwanangu. Tiyeni titsike pansipa, tiime pakhomo la sitolo ya nsapato. Tiwerengere anthu khumi odutsa mawu anga, tiwawerengerenso enawo, inu muzingoyang'ana nkhope zawo."

Anapukusa mutu, akuzunguza foni imodzi patebulo. "Pafomu palibe polemba nkhope za anthu. Ine ndangotha chaka chimodzi pa ntchitoyi. Ndikalimbana nawo pa mawu asanu, mawa adzati ndine wovuta. Mawu amenewa akupita m'mayiko khumi ndi anayi, ndipo konseko gawo lachitatu lafanana. Atsala ndi athu okha."

Ndinafuna kumufunsa ngati m'mayiko khumi ndi anayiwo muli wina amene anaimapo pansi pa chikwangwani n'kumvetsera zimene anthu akunena, koma ndinaona kuti mwanayo ali ndi mantha ake, monga ine ndinali ndi anga. Bwana atabwerera tinagwirizana kuti ndiyesenso, ndipo ulendo uno makoma aonekemo.

Loweruka ndi Lamlungu ndinkachapa, kuphika, kusambitsa bambo, mutu uli pa makoma. Lolemba ndinatumiza kuti "Makoma anu awale." Ndi mawu aafupi, omveka, oti munthu atha kuwanena osaluma lilime. Anabwerera tsiku lomwelo. Kuwala, anatero a kulikulu, ndi mawu amene amasungira penti wonyezimira, pamene uyu ndi wosanyezimira, ndipo maloya awo sangalole kulonjeza chimene chitini sichichita. Pamenepo sindinatsutse, anali ndi mfundo. Ndinatumiza ena: "Makoma anu akhale ndi moyo." Ndinkadziwa kuti ndayamba kutsetsereka, chifukwa Ndevu atawawerenga anangoti, "Ameni," osaseka. Amenewonso anabwerera. Makoma alipo, moyo ulipo, koma mawu olamula aja oti bweretsani asowa, ndipo zikwangwani zawo zonse za chaka chino zimayamba ndi liwu limenelo.

Lachitatu bwana anaima pa tebulo langa. Osindikiza ankafuna zithunzi pofika Lachinayi masana, apo ayi malo a zikwangwani aperekedwa kwa ena.

"Amayi, ndikupemphani. Apatseni chimene akufuna."

"Chimene akufunacho si Chichewa, bwana."

"Ndikudziwa. Inenso ndinayamwa Chichewa chomwecho. Koma amene akusaina si inu, si ine."

Atachoka ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana fomu ija pakompyuta. Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa, ndinalira pang'ono, mwakachetechete, nkhope nditalozetsa ku makatoni. Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndakhala ndikuuza ana ophunzira ntchito kuti atembenuze pepala. Ndinaganizanso za mankhwala a bambo, ndi za mayi amene amabwera kudzawayang'anira ine ndikakhala kuntchito. Kenako ndinaika zala pa makiyi a kompyuta n'kulemba mawu omwe aja tinaseka ndi Ndevu tsiku loyamba, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Bweretsani makoma anu ku moyo. Sindinapite nawo pa masitepe.

Ola limodzi lisanathe yankho linabwera, lobiriwira, ndi mawu othokoza chifukwa cha kumvetsa kwanga. Gawo lachitatu linafanana ndi loyamba ngati mapasa. Ndevu anaika mawuwo pachithunzi osandiyang'ana, anasindikiza kapepala koonetsera, n'kundibweretsera kuti ndisaine kuti Chichewacho chili bwino, monga timachitira nthawi zonse. Ndinasaina.

Kunyumba bambo anandifunsa ngati azungu aja awakonda mawu awo. Ndinali ndikuwapukuta kumapazi, nkhope ili pansi. Ndinati awakonda. Anafunsa kuti chikwangwanicho adzakweza liti. Ndinati zinthu zimenezi zimatenga nthawi. Kuyambira tsiku limenelo ankauza aliyense wodutsa pakhonde, mayi wowayang'anira, wogulitsa makala, mnansi wathu wokonza njinga, kuti ayembekezere kuona mawu awo pamsewu waukulu. Chiganizo chimodzi chinkawatengera nthawi yaitali, koma ankachimaliza.

Zikwangwani zinakwera patatha milungu iwiri. Chimodzi anachiika pamphambano pomwe basi yanga imaima kudikira magetsi a pamsewu, moti ndinkachiona m'mawa uliwonse, chachikulu, chachikasu, mayi uja akumwetulira. Tsiku loyamba bambo wina wokhala kumbuyo kwanga anachiwerenga mokweza n'kufunsa ngati ndi tchalitchi chatsopano. Basi yonse inaseka. Mayi wina anati anthu olemba zimenezi ndi ana a masiku ano ophunzira kunja, amene Chichewa amachionera pa foni. Ine ndinangoyang'ana chikwama changa. Pofika tsiku lachitatu panalibenso woseka kapena wowerenga. Anthu ankangochidutsa ndi maso ngati mtengo wa magetsi.

Ndinkadzitonthoza kuti bola tebulo ndalisunga. Kumapeto kwa mwezi bwana anandiitana m'kachipinda kake n'kutseka chitseko, chinthu chimene sachita kawirikawiri chifukwa chitsekocho chimavuta kutsegula. Anandiuza kuti a kampani ya penti akondwa, ndipo atipatsa ntchito ya chaka chonse. Ndinati zikomo. Kenako anatulutsa foni yake n'kuiika pakati pathu.

"Amayi, pali chinthu chimene ndikufuna muone. Si ine ndinayambitsa, ndi a kulikulu aja."

Analemba mawu asanu a Chingerezi aja m'kabokosi ka pulogalamu yomasulira, n'kudina. Ndisanaphethire, pansi pake panatuluka Chichewa. Bweretsani makoma anu ku moyo. Liwu lililonse pamalo pake, monga ndinalembera ine, monga ndinasainira.

"Akuti ntchito inachedwa milungu iwiri," anapitiriza, mawu ali pansi, "ndipo pamapeto pake chimene chinavomerezedwa ndi chomwe makina amapereka nthawi yomweyo. Ndiye akuti kuyambira tsopano gawo lachiwiri azidzaza okha. Kwa ife akungofuna zithunzi."

"Koma bwana, inu mukudziwa kuti mawu amenewo si anga. Anga anawakana."

"Ndikudziwa."

"Munandiuza nokha kuti ndiwapatse chimene akufuna."

"Ndinatero, amayi. Ndipo mukanakana, akanachoka, tebulo lanu likanapitabe." Anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. "Ndaganizira mbali zonse, sindinapeze njira imene mukanatsalira. Mwina nthawi zina tizikuitanani kudzangoona ngati makinawo sanatukwane munthu."

Ndinafuna kukwiya naye koma mkwiyo sunabwere. Amanena zoona. Ndikanaumirira Chichewa changa ndikanachotsedwa monga wovuta, ndipo nditagonja ndinachotsedwa monga wosafunika. Kusiyana kwake kunali kumodzi kokha, kuti njira yoyamba ija ndikanatuluka dzina langa lisali pansi pa mawu aja.

Ndinalongedza tsiku lomwelo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zinakwana m'katoni imodzi ya nsapato imene Ndevu anakapempha pansi: kapu, mtanthauziramawu wothothoka chikuto, ndi makope anayi momwe ndinkalembamo mawu amene ndawatola m'basi ndi m'misika. Ndevu anandinyamulira katoniyo mpaka pamsewu. Anafuna kunena nthabwala, ndinaona pakamwa pake pakukonzeka, koma anangokanda tindevu take n'kubwerera m'mwamba.

Bambo sindinawauze. Ndinati ndatenga tchuthi, ndipo anakondwa kuti tizikhala limodzi pakhonde. Mayi wowayang'anira uja ndinamuuza kuseri kwa nyumba kuti asabwerenso mwezi wamawa.

Lachiwiri lotsatira linali tsiku lawo lokaonana ndi dokotala. Mnansi wathu wina amene ali ndi galimoto amatitenga ulendo umenewu mwezi uliwonse. Ndinamupempha kuti tidzere njira yakumunsi, ndikunamizira kuti kumtunda kumakhala mzere wa magalimoto, koma iye anati yakumunsiyo akuikonza, yatsekedwa. Choncho tinadzera pamphambano paja, ndipo magetsi anatiimitsa pansi penipeni pa chikwangwani.

Bambo anali kutsogolo, ine kumbuyo kwawo. Ndinaona mutu wawo ukudzuka. Munthu wopaka penti sangadutse khoma lachikasu lalikulu choncho osaliyang'ana. Anayamba ndi mtundu, ndikudziwa, kuona ngati wapakidwa mofanana. Kenako anafika pa mawu. Milomo yawo inayamba kuyenda, liwu limodzi, kupuma, liwu lina. Magetsi aja anachedwa kusintha kuposa masiku onse.

"Bweretsani... makoma anu... ku moyo." Anachiyang'ananso chikwangwanicho. "Akutanthauza chiyani?"

"Ndi malonda a penti, bambo," anayankha mwini galimoto.

"Penti?" Anayesa kutembenuka kuti andione koma khosi linakana, ndiye anayankhula akuyang'ana kutsogolo. "Mayi, mwaona? Ena awa... alibe munthu. Akanakufunsani inu."

"Eya," ndinatero. "Akanandifunsa."

"Chathu chija... chidzawaonetsa."

Magetsi anasintha, galimoto inanyamuka. Iwo anapitiriza kupukusa mutu, akuseka ndi mbali imodzi ija ya pakamwa, kuwamvera chisoni anthu osadziwa Chichewa. Ine ndinagwira pamapewa pawo kuchokera kumbuyo ngati ndikuwakonza kolala, kuti dzanja langa lipeze chochita.

Pobwerera anagona m'galimoto, ndipo mphambano ija tinaidutsa ali m'tulo. Titafika, mwini galimoto anandithandiza kuwatsitsa n'kuwakhazika pampando wawo pakhonde. Ndinapita kukatseka geti, ndipo potembenuka ndinaiona nyumba yathu mmene amaionera munthu wodutsa: khoma lotukusira, matope m'munsi, makatani otseka, ndi bambo mmodzi wokhala phee pakona ngati katundu woiwalika. Anadzutsa dzanja lawo labwino lija n'kuloza kumsewu.

"Mwezi wamawa," anatero, "tikadzadutsanso... chidzakhala atakweza?"

Ndinawauza kuti ndikukaika madzi a tiyi pamoto, n'kulowa m'nyumba.